Gemu ikayamba kukoka mapazi pa sikirini ya 4K: kufufuza pamene pathina

Dandaulo lake limabwera mofanana pafupifupi nthawi zonse. Munthu anali ndi kompyuta imene inkayendetsa magemu popanda vuto pa sikirini ya 1080p, kenaka wagula monita kapena wailesi yakanema ya 4K, wailumikiza ku kompyuta yomweyo, ndipo gemu imene dzulo inkayenda myaa lero ikukoka mapazi, mwinanso ikuchita chibwibwi, kuima pang'ono n'kudumpha. Ambiri amafulumira kunena kuti kompyuta yakalamba, ndipo ena amathamangira kugula purosesa yatsopano, imene kawirikawiri siisintha kanthu pa vuto limeneli. Zoona zake n'zakuti mawu akuti "gemu ikuchedwa" amabisa matenda angapo osiyana, ndipo aliyense ali ndi zizindikiro zake ndi mankhwala ake. Musanagule chipangizo chilichonse, ndi bwino kudziwa kaye chimene chathina.

Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali, ndipo tonse pamodzi timakwana 2,073,600. Timadontho timeneti ndi timene timatchedwa mapikiseli. Chithunzi cha 4K chili ndi mapikiseli 3840 m'lifupi ndi 2160 m'litali, amene akachulukitsidwa amakwana 8,294,400. Anthu akaona kuti 1080 yasanduka 2160 amaganiza kuti ntchito yawirikiza kawiri, koma popeza mbali zonse ziwiri zawirikiza, mapikiseli achuluka kanayi ndendende. Nthawi yojambulira chithunzi chimodzi ndiyo siwonjezeka ayi. Ngati mukufuna zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chiyenera kutha m'mamilisekondi 16.7, popeza sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000, kaya chili ndi mapikiseli mamiliyoni awiri kapena asanu ndi atatu. Katundu wochuluka kanayi ameneyu sagwera zipangizo zonse mofanana. Amagwera kwambiri khadi la zithunzi, memore ya khadilo, chingwe chopita ku sikirini, ndiponso chipangizo chopereka magetsi. Purosesa ndi memore yaikulu ya kompyuta zimangomva pang'ono.

Yambani ndi chingwe

Ndimalangiza kuyambira pa chingwe, osati chifukwa chakuti ndicho chimalakwa kawirikawiri, koma chifukwa chakuti kuchifufuza sikutenga mphindi zisanu, ndipo ngati vuto lili pamenepo, zonse zimene mungasinthe m'gemu zidzakhala kutaya nthawi.

Tsekani gemu, musunthe kalozera wa mausi pa sikirini, kapena mukoke windo lililonse uku ndi uku. Ngati kalozerayo akuyenda modumphadumpha ngakhale kuti palibe gemu imene ikuyenda, khadi la zithunzi silinalemedwe, koma sikirini ikulandira zithunzi 30 zokha pa sekondi. Mu Windows, tsegulani Settings, mulowe mu System, kenaka Display, kenaka Advanced display, ndipo muone nambala yolembedwa pa refresh rate. Mukapeza 30 Hz, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, yesani kusankha 60 Hz. Ngati 60 Hz palibe pa mndandanda, ndiye kuti njira yochokera ku khadi kupita ku sikirini yachepa.

Chifukwa chake chimamveka mukawerengera. Pikiseli iliyonse imafuna mabiti 24 kuti mtundu wake udziwike. Chithunzi cha 1080p chotumizidwa ka 60 pa sekondi chimafuna magigabiti pafupifupi 3 pa sekondi, pamene cha 4K chimafuna pafupifupi 12, ndipo mukawonjezera timipata timene timasiyanitsa mizere ndi zithunzi, chimapitirira 14. Bowo la HDMI 1.4 limanyamula magigabiti 10.2 pa sekondi, ndipo chithunzi chenicheni chimangopatsidwa pafupifupi 8 mwa amenewo, choncho 4K yathunthu imaima pa 30 Hz. HDMI 2.0, imene inatuluka mu 2013, imanyamula magigabiti 18 ndipo imakwanitsa 4K pa 60 Hz, ngakhale kuti imakwanira mothina. Kuti mufike 120 Hz pamafunika HDMI 2.1, imene imafika magigabiti 48, kapena DisplayPort 1.4. Pa monita ya kompyuta, DisplayPort 1.2 imakwanitsa kale 60 Hz, ndipo n'chifukwa chake, ngati monita ili ndi mabowo onse awiri, DisplayPort ndiyo njira yosavuta.

Liwiro la njira yonse limatsata chiwalo chimene chili chofooka pa zitatu izi: bowo la khadi, chingwe, ndi bowo la sikirini. Chingwe chakale chimene chinkagwira bwino pa 1080p chimatha kulephera pa 4K, ndipo chizindikiro chake si kuchedwa, koma sikirini imada kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kuyakanso, kapena mumaoneka timadontho toyera tothwanima. Pa HDMI, chingwe cholembedwa Premium High Speed ndicho chinayesedwa pa magigabiti 18, ndipo cholembedwa Ultra High Speed ndicho cha magigabiti 48. Mawailesi akanema ali ndi msampha wina. Ambiri amabwera mabowo awo atachepetsedwa liwiro kuti azigwirizana ndi zipangizo zakale, ndipo mumayenera kutsegula liwiro lonse nokha pa bowo lililonse. Pa Samsung dzina lake ndi Input Signal Plus, pa LG ndi HDMI Ultra HD Deep Colour, ndipo pa Sony ndi Enhanced format. Komanso si mabowo onse a wailesi imodzi amene amafika 120 Hz, choncho werengani zimene zalembedwa pambali pa bowo. Muli pomwepo, tsegulaninso Game Mode, chifukwa popanda imeneyo wailesi imayamba yakongoletsa chithunzi isanachionetse, ndipo mumamva kuti zimene mwadina zikuchedwa kuoneka ngakhale kuti zithunzi pa sekondi zili bwino.

Pali cholakwa china chochititsa manyazi chimene chimachitika posintha monita, pamene munthu akupapasa kumbuyo kwa kompyuta mumdima. Chingwe chimalowa pa bowo la bolodi yaikulu, lomwe lili pamwamba pafupi ndi mabowo a USB, m'malo mwa bowo la khadi la zithunzi lomwe lili m'munsi. Chithunzi chimatha kuoneka ndithu, koma gemu ikhoza kuyamba kujambulidwa ndi kachipangizo kofooka ka mkati mwa purosesa. Suzumirani kumbuyoko musanapitirire.

Kuyeza musanaweruze

Chingwe chikakhala bwino, pamafunika manambala, chifukwa maso okha sangasiyanitse matenda otsalawa. Pulogalamu ya MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner Statistics Server imaonetsa manambala pakona pa gemu ikuyenda, ndipo mapulogalamu a NVIDIA ndi AMD nawonso ali ndi zoonetsera zawo. Zofunika kuziona ndi zisanu: zithunzi pa sekondi, nthawi imene chithunzi chilichonse chatenga, kuchuluka kwa ntchito ya khadi m'maperesenti, memore ya khadi imene yadzaza, ndi kutentha kwake. Amene ali ndi khadi la NVIDIA angathenso kuona zambiri mwa zimenezi, sekondi iliyonse, ndi lamulo ili:

```
nvidia-smi --query-gpu=utilization.gpu,memory.used,memory.total,temperature.gpu,power.draw --format=csv -l 1
```

Poyeza, zimitsani kaye V-Sync, chosinthira chimene chimachititsa khadi kudikira sikirini, ndiponso malire alionse a zithunzi pa sekondi, chifukwa zimenezi zimabisa liwiro lenileni la makina. Sankhani malo amodzi m'gemu, makamaka otanganidwa, ndipo muyende njira imodzimodziyo kawiri, koyamba pa 1080p, kachiwiri pa 4K, osasintha china chilichonse. Mayeso amenewa ndiwo amaulula zambiri kuposa ena onse. Ngati zithunzi pa sekondi zatsika kwambiri pa 4K ndipo khadi likusonyeza 97 mpaka 100 peresenti, khadi ndilo lalemedwa. Ngati manambala a 1080p ndi a 4K ali pafupifupi ofanana, ndipo khadi likungogwira 60 kapena 70 peresenti, ndiye kuti khadi likudikira purosesa, ndipo vutolo linalipo kale sikirini yatsopano isanabwere.

Purosesa simva kulemera kwa 4K chifukwa ntchito yake si kujambula mapikiseli. Iyo imawerengera kumene adani akupita, mmene galimoto ikugundira khoma, phokoso, ndi zimene mwadina, kenaka imatumiza ku khadi mndandanda wa zinthu zoti zijambulidwe. Mndandandawo ndi womwewo kaya sikirini ndi yaikulu motani. Purosesa imene imatha kukonza zithunzi 150 pa sekondi pa 1080p imathanso kukonza pafupifupi 150 pa 4K, kungoti khadi silingazilandire zonse. Kunena zoona, pa 1080p ndi pamene purosesa imathina kawirikawiri, chifukwa khadi limamaliza msanga n'kumaidikira. Musanyengedwenso ndi peresenti ya purosesa yonse, chifukwa gemu ikhoza kupanikiza mbali imodzi yokha ya purosesa pamene zina zikupuma, nambala yonse n'kumaoneka yotsika. Peresenti ya khadi ndiyo mboni yodalirika.

Khadi likalemedwa: chitsanzo

Tiyerekeze kompyuta yokhala ndi khadi la GeForce RTX 3070, lomwe lili ndi memore ya magigabaiti 8, purosesa yabwinobwino, ndi monita ya 4K ya 60 Hz. Manambala a nthawi amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, chifukwa gemu iliyonse ili ndi akeake, koma kayendedwe kake n'kofanana.

Ntchito ya khadi pa chithunzi chimodzi ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina sidalira kuchuluka kwa mapikiseli, monga kukonza maonekedwe a zinthu ndi kujambula mapu a mithunzi. Mbali ina imachitika pa pikiseli iliyonse, monga kuwerengera kuwala, mtundu, chifunga ndi kunyezimira. Tinene kuti pa 1080p mbali yoyamba imatenga mamilisekondi 3, yachiwiri 4. Pamodzi ndi 7, ndipo sekondi imodzi ikagawidwa ndi 7 imapereka zithunzi pafupifupi 143. Pa 4K mbali yoyamba ikadali 3, koma yachiwiri yawirikiza kanayi kufika 16. Pamodzi ndi 19, kutanthauza zithunzi pafupifupi 52 pa sekondi. N'chifukwa chake liwiro silitsika kanayi ndendende, koma limatsika mokwanira kuti makina amene anali ndi mphamvu zotsala agwere pansi pa 60.

Tsono apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mwini kompyutayi sadzaona 52 ngati V-Sync yatsegulidwa, makamaka m'magemu amene amagwiritsa ntchito njira yake yakale. Monita ya 60 Hz imatenga chithunzi chatsopano pa mamilisekondi 16.7 alionse. Chithunzi chimene chatenga 19 chaphonya nthawi yake ndi mamilisekondi awiri ndi pang'ono, choncho chimadikira ulendo wotsatira, n'kuoneka patatha 33.3. Zotsatira zake, nambala imakakamira pa 30, kapena imalumphalumpha pakati pa 60 ndi 30, ndipo munthu amaganiza kuti khadi lake likungokwanitsa theka la zofunika pamene langoperewera pang'ono. Nambala 30 imeneyi imafanana ndi ya chingwe chija, koma kusiyana kwake n'kwakuti ya chingwe imaoneka ngakhale kunja kwa gemu, pamene ya V-Sync imatha mukangoizimitsa. Ngati monita ili ndi FreeSync kapena G-Sync, kapena wailesi ili ndi VRR, tsegulani zimenezo, chifukwa zimachititsa sikirini kudikira khadi m'malo moti khadi lidikire sikirini, ndipo 52 imaoneka ngati 52, mosalala ndithu.

Kuti kompyutayi ibwerere pa 60, tiyenera kuchotsa mamilisekondi osachepera atatu, ndipo malo oyenera kudulapo ndi pa 16 paja, osati pa 3. Magemu ambiri ali ndi chosinthira chotchedwa Render Scale kapena Resolution Scale, chimene chimachepetsa mapikiseli ojambulidwa koma zilembo ndi mamenyu n'kukhalabe zakuthwa. M'magemu ochuluka peresenti yake imakhudza mbali iliyonse payokha, choncho 80 peresenti imasiya mapikiseli 64 pa 100 alionse. Mamilisekondi 16 aja amatsika kufika 10.2, chithunzi chonse chimatenga 13.2, ndipo zithunzi pa sekondi zimafika pafupifupi 75. Mwadula pang'ono pa kuthwa kwa chithunzi, koma mwapeza liwiro lochuluka.

Njira yoposa imeneyi ndi kukweza chithunzi mwanzeru pogwiritsa ntchito DLSS ya NVIDIA, imene imafuna khadi la RTX, kapena FSR ya AMD, kapena XeSS ya Intel. Pa sikirini ya 4K, DLSS kapena FSR ikaikidwa pa Quality, gemu imajambula pa 2560 × 1440, amene ndi mapikiseli 3,686,400, osakwana theka la 4K, ndipo pulogalamuyo imadzaza otsalawo pogwiritsa ntchito zimene inaona m'zithunzi zam'mbuyo. M'chitsanzo chathu, ntchito ya mapikiseli imakhala mamilisekondi pafupifupi 7, kuphatikiza 3 aja, kuphatikizanso pafupifupi imodzi ya kukwezako, zonse 11, zimene zikupereka zithunzi pafupifupi 90. Ikaikidwa pa Performance, gemu imajambula pa 1080p yeniyeni. M'maganizo anga, pa 4K ndi pamene njira zimenezi zimapindulitsa kwambiri, chifukwa zimayambira pa chithunzi chimene chili kale ndi tsatanetsatane wokwanira, pamene pa sikirini ya 1080p Quality yomweyo imayambira pa 720p ndipo kufooka kwake kumaoneka msanga. Zolakwa zake muzizifufuza pa zinthu zopyapyala monga mawaya a mpanda, udzu ndi tsitsi, zimene zimathwanima, ndiponso pa kamthunzi kotsalira kumbuyo kwa chinthu chothamanga.

Pa zosinthira zina, musatsitse zonse kufika pa Low mwaukali. Zimene zimadula kwambiri pa 4K ndi zija zimawerengedwa pa pikiseli iliyonse: Ray Tracing poyambirira, kenaka Volumetric Fog, Screen Space Reflections ndi Ambient Occlusion. MSAA nayonso imadya kwambiri, ndipo pa 4K kufunika kwake kumachepa popeza mapikiseli ndi aang'ono kale moti mano a m'mphepete mwa zinthu saoneka kwenikweni. Kutsika kuchoka pa Ultra kupita pa High kawirikawiri kumabweza liwiro looneka pamene maso sakuona kusiyana gemu ikamayenda. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, muyendenso njira yanu ija, mulembe nambala. Chosinthira cha Frame Generation musachitenge ngati mankhwala a khadi lolemedwa, chifukwa chimalowetsa zithunzi zongopeka pakati pa zenizeni, nambala imakwera, koma dzanja limamvabe kuchedwa kwa liwiro loyamba lija, ndipo chimadyanso memore ya khadi.

Chibwibwi chimene nambala sichionetsa

Pali matenda ena ovuta kuwagwira. Nambala ya zithunzi pa sekondi ikuoneka bwino, 65 kapena 70, koma mukatembenuka mwadzidzidzi kapena mukalowa m'dera latsopano, gemu imaima kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kulumpha. Nthawi zina gemu imayamba bwino, koma pakatha mphindi makumi awiri imayamba kutsimphina, ndipo mukaitseka n'kuitsegulanso imachira kwa kanthawi. Nthawi zinanso khoma limene mwaimapo pafupi limaoneka lopakapaka ngati dothi, kenaka pakapita masekondi angapo njerwa zake n'kuonekera. Zonsezi zimaloza ku memore ya khadi imene yadzaza.

Chithunzi chimodzi cha 1080p chimatenga mamegabaiti pafupifupi 8 m'memore, ndipo cha 4K chimatenga pafupifupi 33. Paokha manambalawa ndi aang'ono poyerekeza ndi magigabaiti 8, koma gemu yamakono sisunga chithunzi chimodzi. Imasunga zigawo zambiri za chithunzi chomwecho, china cha mitundu, china cha kutalikira kwa zinthu, china cha kumene nkhope ya chinthu chilichonse yaloza, china cha kayendedwe, pamodzi ndi zithunzi zam'mbuyo, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimakula kanayi. Pamwamba pa apo, gemu ikaona kuti mapikiseli achuluka imasankha zikopa za zinthu zatsatanetsatane kwambiri, zija zimatchedwa Textures m'mamenyu, ngakhale pa zinthu zimene zili patali. Gemu imene inkakwana bwinobwino m'magigabaiti 8 pa 1080p ikhoza kusefukira pa 4K.

Chimene chimachitika ikasefukira ndicho chimabala chibwibwi. Zimene zasowa malo zimasungidwa m'memore yaikulu ya kompyuta, ndipo khadi likazifuna zimadutsa pa njira ya PCIe, imene imalumikiza khadi ndi bolodi yaikulu. Memore ya RTX 3070 imatumiza magigabaiti 448 pa sekondi, pamene PCIe 4.0 ya mizere 16 imangofika pafupifupi 32, ndipo PCIe 3.0 imafika theka la amenewo. Khadi limene lazolowera kutunga pafupi limayamba kudikira katundu wodutsa pa kanjira kopapatiza kuposa kakhumi, ndipo chithunzi chimene chimayenera kutenga mamilisekondi 14 chimatenga 80 kapena 100. Zithunzi zochedwa zoterezi zikakhala ziwiri kapena zitatu pa sekondi, avereji imasintha pang'ono, koma diso limaziona zonse. N'chifukwa chake mzere wa nthawi ya chithunzi chilichonse, umene Afterburner imautcha Frametime, ndi wofunika kuposa nambala ya zithunzi pa sekondi. Khadi lolemedwa limatulutsa mzere wokwera koma wosalala, pamene memore yodzaza imatulutsa mzere wotsika wokhala ndi minga yaitali apo ndi apo.

Kuti mutsimikize, tsegulani Task Manager, mulowe pa Performance, musankhe GPU, ndipo muyang'ane Dedicated GPU memory ndi Shared GPU memory. Yoyamba ikafika pa 7.7 kapena 7.8 mwa 8 ndipo yachiwiri ikuyamba kukwera gemu ikuyenda, mlandu wagwidwa. Chenjezo ndi lakuti kudzaza kwa yoyamba pakokha si umboni, chifukwa magemu ambiri amatenga malo onse amene apeza n'kusungiramo zinthu zimene mwina adzazifuna. Umboni weniweni ndi wa mayeso: tsitsani Texture Quality ndi sitepe imodzi, mutseke gemu n'kuitsegulanso, popeza magemu ena satulutsa zikopa zakale m'memore mpaka atatsegulidwanso, ndipo muyende njira yomwe ija. Minga ija ikatha, vuto linali memore. Chosinthira chimenechi n'chachilendo chifukwa memore ikakhala yokwanira sichichepetsa liwiro kwenikweni, ndipo ikaperewera chimawononga zonse. Choncho amene ali ndi khadi lofooka koma la memore yambiri, monga RTX 3060 ya magigabaiti 12, angasiye zikopa pamwamba n'kudula kwina, pamene wa RTX 3070, ngakhale kuti khadi lake ndi lamphamvu kuposa linalo, ayenera kudula pa zikopa. Ray Tracing nayo imafuna malo ake m'memore, ndipo bulawuza yokhala ndi kanema wotsegula pa monita yachiwiri imadyako gawo, choncho itsekeni poyeza.

Si chibwibwi chonse chimene chimachokera ku memore ya khadi. Gemu yatsopano, kapena iliyonse pambuyo posintha dalaivala, pulogalamu yoyendetsa khadi, imachita chibwibwi pamene ikuona chinthu koyamba chifukwa ikukonza timapulogalamu ta kuwala, ndipo gemu yoikidwa pa hadidisiki yozungulira imachita chimodzimodzi polowa m'dera latsopano. Kusiyanitsa n'kosavuta: zimenezi zimachitikanso pa 1080p, pamene chibwibwi cha memore chimatha mukatsika.

Kutentha ndi magetsi

Ngati kompyuta ikuzima yokha, kapena kuyambiranso, pakati pa gemu ya 4K pamene pa 1080p sinkatero, yang'anani chipangizo chopereka magetsi. Pa monita ya 1080p ya 60 Hz, V-Sync ili yotsegula, khadi la m'chitsanzo chathu linkamaliza chithunzi m'mamilisekondi 7 n'kupuma otsalawo, choncho silinkafika pa mphamvu yake yonse. Pa 4K silipuma konse, ndipo limakoka mawati ake onse, amene pa RTX 3070 ndi 220, kwa maola athunthu. NVIDIA imalangiza chopereka magetsi cha mawati 650 pa khadi limenelo, 750 pa RTX 3080, ndi 850 pa RTX 4090 imene payokha imadya 450. Chopereka magetsi chokalamba kapena choperewera chimene chinkabisala kumbuyo kwa ntchito yopepuka chimaululika apa. Ngati khadi lili ndi mabowo awiri a magetsi, lipatseni zingwe ziwiri zosiyana, osati chingwe chimodzi cha mitu iwiri.

Kutentha kumadziwika ndi kachitidwe kake. Gemu imayamba pa 62, ndipo pakapita mphindi khumi yatsika kufika pa 55 pamalo omwewo, popanda minga, mafani akulira kwambiri. Makhadi ambiri a NVIDIA amayamba kudzichepetsera liwiro mwamphamvu akafika cha m'ma digiri 83. Chotsani chitseko cha m'mbali mwa kompyuta, muyesenso. Nambala ikabwerera, ndiye kuti mpweya sukuyenda bwino m'bokosi, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa fumbi pa zosefera ndi pa zitsulo zoziziritsira, kapena kuwonjezera fani. Kuika malire a zithunzi pa sekondi molingana ndi monita kumathandizanso, chifukwa khadi limene DLSS yalipatsa mphamvu zofika pa 90 silifunika kujambula zithunzi 30 zimene monita ya 60 Hz sidzaonetsa.

Pamene zosinthira zatha

Nthawi zina mumayeza n'kupeza zithunzi 25 pa sekondi pa 4K, V-Sync yozimitsa, khadi pa 99 peresenti, memore yosadzaza, kutentha kuli bwino. Apa palibe chawonongeka, khadi langochepa mphamvu. Kuchoka pa mamilisekondi 40 kufika pa 16.7 kumafuna kudula ntchito yoposa theka, ndipo kutsitsa mithunzi kapena chifunga sikungafike pamenepo. Chotsala ndi kujambula pa 1080p mkati, kudzera pa Performance, ndipo ngati khadilo linkavutika kale pa 1080p, pa sikirini ya 4K lidzachedwerako pang'ono chifukwa cha ntchito yokweza ija.

M'gemu yakale imene ilibe DLSS, FSR kapena Render Scale, mungasankhe 1920 × 1080 mwachindunji. Popeza 4K ndi kanayi ndendende, pikiseli imodzi iyenera kukhala pa mapikiseli anayi a sikirini popanda kupakika, koma mamonita ambiri amasalaza chithunzicho n'kuchifewetsa. Chosinthira cha Integer Scaling, chimene chimapezeka m'mapulogalamu a NVIDIA, AMD ndi Intel pa makhadi amene amachilola, chimaletsa kusalazako. Kusankha 2560 × 1440 mwachindunji kumapereka tsatanetsatane wochulukirapo, koma pikiseli imodzi imagwera pa pikiseli ndi theka mbali iliyonse, choncho zilembo zimaoneka zofewa pang'ono. Pa wailesi yakanema imene mwaikhalira patali mamita atatu kufewako sikuoneka kwenikweni, pamene pa monita ya mainchesi 27 imene ili pafupi ndi nkhope mumakuona mukangoyang'ana zilembo za m'mamenyu.

Ngati mwatsimikiza kugula khadi lina, manambala amene mwalemba aja ndiwo akuuzeni chofunika. Gawani zithunzi zimene mukufuna ndi zimene mukupeza pa 4K: amene akupeza 40 n'kumafuna 60 akufunika khadi lamphamvu kamodzi ndi theka kuposa lake, ndipo amene akupeza 25 akufunika lamphamvu kuposa kawiri. Pa magemu atsopano olemera, magigabaiti 8 ndi ochepa pa 4K, 12 amakwanira mukamasamala ndi zikopa, ndipo 16 amapereka mpata wopumira. Yang'ananinso nambala imene munapeza pa 1080p khadi likudikira purosesa, chifukwa imeneyo ndiyo denga la makina anu: ngati inali 150, purosesa ingakhale momwemo, koma ngati inali 70 ndipo mukufuna 120 Hz, khadi latsopano lokha silidzakufikitsani. Pomaliza yezani kutalika kwa malo a khadi m'bokosi, muwerenge mawati olembedwa pa chopereka magetsi, ndipo muone ngati chili ndi zingwe zokwanira mabowo a khadi limene mukufunalo.